Nambala ikachedwa panjira: mmene purosesa imapewera kuwerengera zakale

Mu Disembala 1994 kampani ya Sony inatulutsa ku Japan makina amasewera otchedwa PlayStation. Mkati mwake munali purosesa ya mtundu wa MIPS R3000A, yogunda maulendo opitirira 33 miliyoni pa sekondi, ndipo inali ndi kakhalidwe kena kachilendo. Munthu akaituma kuti ikatenge nambala ku memori, ndiye pa mzere wotsatira n'kuiuza kuti iwonkhetse nambalayo ndi ina, inkawonkhetsa nambala yakale yomwe inalipo kale, yatsopanoyo isanafike. Siinkadikira komanso siinkachenjeza munthu. Uku sikunali kuwonongeka kwa makina, chifukwa opanga purosesayo analemba okha m'mabuku awo kuti mzere wotsatana ndi wotenga nambala usadalire nambalayo. Mpaka lero amene amalemba mapulogalamu oseweretsa masewera a PlayStation pa kompyuta amachita kutsanzira kakhalidweka, kuti masewerawo aziyenda monga ankayendera pa makina enieni.

Kuti chinthu chodula chonchi chiziwerengera zakale, chifukwa chake chili m'kagwiridwe ka ntchito komwe amisiri amati paipilaini. Vutoli munthu akhoza kuliona yekha ndi pensulo ndi pepala, pa mizere 6 yokha ya pulogalamu.

Purosesa ya mtundu uwu imafanana ndi ofesi ya madesiki 5 ondondozana, ndipo langizo lililonse la pulogalamu lili ngati fayilo yoyenera kudutsa pa madesiki onsewo. Pa desiki loyamba, lomwe pa zojambula amalilemba kuti `IF`, langizo limatengedwa ku memori. Pa lachiwiri, `ID`, kalaliki amawerenga langizolo kuti adziwe chimene likufuna, ndipo pomwepo amatsegula marejisita n'kukopera manambala ofunika. Marejisita ndi timabokosi 32 ta mkati mwa purosesa momwe mumakhala manambala omwe akugwiritsidwa ntchito panthawiyo. Pa desiki lachitatu, `EX`, m'pamene pali chowerengetsera, chomwe chimawonkhetsa kapena kuchotsera. Lachinayi, `MEM`, ndilo limapita ku memori kukatenga kapena kukasiya nambala. Lachisanu, `WB`, limalemba yankho mu rejisita. Wotchi ya purosesa ikagunda kamodzi, komwe ndi kumene amati saikolo, fayilo iliyonse imasendera ku desiki lotsatira, ndipo fayilo yatsopano imalowa pakhomo.

Ubwino wake ndi woti palibe kalaliki amene amakhala manja lende. Langizo limodzi limatenga masaikolo 5 kuti lithe, koma mzere ukadzaza, saikolo iliyonse pamatuluka langizo limodzi lomalizidwa. Malangizo 6 sangadye masaikolo 30, amadya 10 basi: 5 a langizo loyamba, kenako imodzi imodzi kwa otsalawo.

Vuto lagona pa mtunda wa pakati pa desiki lachiwiri ndi lachisanu. Manambala amawerengedwa pa lachiwiri koma amalembedwa pa lachisanu. Langizo lomwe lili kutsogolo likhoza kukhala lisanalembe yankho lake pamene lakumbuyo latsegula kale rejisita yomweyo n'kukopera zimene lapezamo.

Nayi pulogalamu ya m'chinenero cha asembuli cha MIPS. Ikutenga mitengo iwiri ku memori, kuiwonkhetsa, kuchotsapo ndalama yochotsera wogula, kusunga yankho, n'kuwonjezera 1 pa chiwerengero cha ogula.

```
1  lw    $t0, 0($s0)
2  lw    $t1, 4($s0)
3  add   $t2, $t0, $t1
4  sub   $t3, $t2, $s1
5  sw    $t3, 8($s0)
6  addi  $s2, $s2, 1
```

Langizo la `lw` limatenga nambala ku memori n'kuiika mu rejisita, `add` amawonkhetsa, `sub` amachotsera, `sw` amakasiya nambala ku memori, ndipo `addi` amawonjezera nambala yolembedwa pamzere pomwepo. Tinene kuti ku memori kuli 700 ndi 500, ndipo mu `$s1` muli 200. Mwana wa sitandade 4 angayankhe kuti yankho ndi 1000.

Wophunzira amene wauzidwa kuti apeze misampha m'mizere imeneyi amayamba ndi ntchito yooneka ngati yachibwana. Pa mzere uliwonse amazunguliza ndi pensulo rejisita yomwe ikulembedwa, n'kudula mzere kunsi kwa omwe akuwerengedwa. Pa mzere 1 wozungulizidwa ndi `$t0`, pa mzere 2 ndi `$t1`, pa 3 ndi `$t2`, pa 4 ndi `$t3`. Pa mzere 5 m'pamene ambiri amagwa. Poti dzanja lazolowera kuti rejisita yoyamba pamzere ndiyo yolembedwa, limangozunguliza `$t3`, chonsecho `sw` salemba mu rejisita iliyonse. Iye amawerenga `$t3` n'kukaisiya ku memori. Aliyense amene walakwitsa pamenepa amaphonya msampha umodzi wathunthu, ndipo akhoza kupekanso wina woti kulibe.

Akatero, kuchokera pa rejisita iliyonse yozungulizidwa amatsika ndi chala kufunafuna pomwe yawerengedwa. `$t0` yalembedwa pa mzere 1 n'kuwerengedwa pa mzere 3, kutalikirana kwake ndi mizere iwiri. `$t1` yalembedwa pa 2 n'kuwerengedwa pa 3, mzere umodzi. `$t2` ikuchoka pa 3 kupita pa 4, ndipo `$t3` ikuchoka pa 4 kupita pa 5. Mivi yonse ndi inayi. Rejisita ya `$s0` ikuoneka katatu, koma palibe akuilemba, choncho ilibe mlandu. Mzere 6 sukugwirizana ndi mnzake aliyense, ndipo ameneyu ndi wofunika kumukumbukira.

Muvi wokha sutanthauza kuti pali vuto. Pulogalamu iliyonse yanzeru imakhala ndi mizere yodalirana, apo ayi sikanawerengetsa kanthu. Kudalirana kumasanduka msampha pokhapokha mizereyo ikayandikana kwambiri moti wowerenga n'kufika wolemba asanalembe. Ndiye pa muvi uliwonse pali mafunso awiri okha oti munthu afunse. Nambalayi ikubadwa pa saikolo iti? Nanga ikufunika pa saikolo iti?

Poyankha, amajambula makwerero. Pamwamba pa pepala amalemba manambala a masaikolo, ndipo langizo lililonse limayamba bokosi limodzi kumanja kwa lomwe lili pamwamba pake.

```
         1   2   3   4   5   6   7
lw  $t0  IF  ID  EX  MEM WB
lw  $t1      IF  ID  EX  MEM WB
add $t2          IF  ID  EX  MEM WB
```

Makwerero amenewa akuulula zonse. Langizo la `add` likutsegula marejisita pa saikolo 4, pamene 700 idzalembedwa mu `$t0` pa saikolo 5, ndipo 500 idzalembedwa mu `$t1` pa saikolo 6. Ngati m'marejisitawo munatsalira 30 ndi 40 za ntchito ina yam'mbuyo, purosesa yopanda chitetezo chilichonse iwonkhetsa zimenezo n'kupeza 70, ndipo ipitiriza ulendo mtima uli m'malo. Akuluakulu amati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, ndipo `add` wanunkhiza amene wamupeza.

Mankhwala osavuta kuganiza ndi kudikira. Langizo lodalira mnzake liime pa `ID` mpaka mnzakeyo atalemba. Opanga mapurosesa amachepetsako kudikiraku ndi kanzeru kamodzi: marejisita amalembedwa m'theka loyamba la saikolo n'kuwerengedwa m'theka lachiwiri, moti wolemba ali pa `WB` ndi wowerenga ali pa `ID` akhoza kukumana saikolo yomweyo zinthu n'kuyenda bwino. Ngakhale zili choncho, mtengo wake ndi wowawa. `add` sangawerenge mpaka saikolo 6 m'malo mwa 4, ndiye wataya awiri. Iye alemba pa 9, choncho `sub` nayenso ataya awiri. `sub` alemba pa 12, ndipo `sw` ataya awiri enanso. Ntchito ya masaikolo 10 yasanduka ya masaikolo 16, ndipo pa 6 owonjezerawo makalaliki ena angokhala akuyang'ana kudenga.

Apa m'pamene pali nzeru yeniyeni ya nkhaniyi, ndipo poyambira pabwino ndi mizere 3 ndi 4, kusiya kaye za `lw`. Yankho la `add`, 1200 ija, silibadwa pa `WB`. Limabadwa pa `EX`, chowerengetsera chikangomaliza kuwonkhetsa. Kuchoka pamenepo limangoyenda ulendo, kudutsa pa `MEM` pomwe lilibe chochita, kuti likalembedwe. Naye `sub` sakuifuna kwenikweni nambalayo pa `ID`. Akuifuna pa `EX`, nthawi yochotsera ikakwana. Ngati `add` ali pa `EX` saikolo ino, `sub` afika pa `EX` saikolo yotsatira, pamene 1200 ili kale chikhalire pafupi pomwepo.

Ili pati? Pakati pa madesiki awiri aliwonse pali kathireyi komwe fayilo imagona wotchi ikagunda, ndipo timathireyi timeneti timatchulidwa ndi mayina a madesiki omwe tili pakati pake: `IF/ID`, `ID/EX`, `EX/MEM` ndi `MEM/WB`. Yankho la `add` limakhala m'thireyi ya `EX/MEM`. Amisiri anangokoka mawaya kuchokera m'thireyi imeneyi kubwerera ku khomo la chowerengetsera, n'kuikapo kachipangizo kosankha kuti pa manambala omwe abwera kuchokera mbali zosiyana, ilowe iti. Zili ngati kalaliki wakutsogolo kutembenuka n'kupatsira mnzake kapepala pamanja, osadikira kuti zikalembedwe m'buku lalikulu. Njira yachidule imeneyi ndi imene m'makalasi amati fowading'i, kupatsira yankho pamanja.

Njira zachidule zimakhala ziwiri. Ya ku `EX/MEM` imatumikira langizo lotsatana ndi wolemba. Ya ku `MEM/WB` imatumikira lomwe latalikira mizere iwiri, chifukwa podzafika ilo pa `EX` yankho lasendera kale thireyi yotsatira. Pa mizere itatu sipafunika waya uliwonse, poti kanzeru ka theka la saikolo kaja kamakwanira, ndipo kupitirira apo palibenso nkhani. Munthu akagwira mitunda itatu imeneyi, 1, 2 ndi 3, wagwira zambiri za mayeso a phunziroli.

Purosesa ilibe maso oonera mivi ya pensulo. Imangofananitsa manambala a marejisita saikolo iliyonse. Lamulo la njira yoyamba likhoza kulembedwa chonchi:

```
EX/MEM.RegWrite
and EX/MEM.Rd != 0
and EX/MEM.Rd == ID/EX.Rs
```

Tanthauzo lake n'lakuti langizo lakutsogolo likhale lolembadi mu rejisita, rejisitayo isakhale nambala 0, ndipo ikhale yomweyo imene lakumbuyo likuwerenga. Mzere woyamba ndi umene umateteza purosesa ku cholakwa cha wophunzira uja, chifukwa `sw` salemba kanthu. Wachiwiri uli ndi chifukwa chake chapadera. Pa MIPS rejisita 0, yotchedwa `$zero`, imakhala 0 nthawi zonse, ngakhale munthu ayese kulembamo chiyani. Langizo likati liike 9 mu `$zero`, 9 ameneyo amatayidwa. Popanda mzere wachiwiriwu waya wachidule ukanapatsira 9 kwa langizo lotsatira lomwe likuyembekezera 0.

Palinso pena pomwe njira ziwirizi zimakanganirana langizo limodzi, ndipo pamafunika kudekha.

```
add  $t0, $t0, $t1
add  $t0, $t0, $t2
add  $t0, $t0, $t3
```

Langizo lachitatu likafika pa `EX`, mathireyi onse awiri amakhala atanyamula nambala yolembedwa kuti ndi ya `$t0`. Ya mu `MEM/WB` inachokera ku mzere woyamba, ya mu `EX/MEM` inachokera ku wachiwiri. Ngati `$t0` inayamba ndi 1 ndipo ena atatuwo ndi 10, 20 ndi 30, thireyi yakutali ili ndi 11, yapafupi ili ndi 31. Yoyenera ndi yapafupi, yatsopano, kuti yankho lituluke 61. Wolumikiza mawaya akaiwala kuika yapafupi patsogolo, makina ake atulutsa 41. Chizindikiro cha cholakwa chimenechi n'chakuti mizere iwiri imayenda bwino, koma kuwonkhetsa kwa mizere itatu mu rejisita imodzi kumaperewera ndendende ndi nambala ya pakati.

Ndi njira zachidulezi, mivi ya `$t2` ndi `$t3` m'pulogalamu ija yatha popanda kutaya saikolo. Muvi wa `$t0` nawo ndi wa mizere iwiri, ndipo ukanatha ndi waya wa `MEM/WB`. Watsala umodzi wokanika, wa `$t1`.

Mafunso awiri aja ndi omwe akuonetsa chifukwa. Langizo la `lw` likakhala pa `EX` silinapeze nambala yomwe latumidwa. Pamenepo likungowerengetsa adiresi, kuwonkhetsa 4 ndi zomwe zili mu `$s0` kuti lidziwe kokagogoda. Nambala yeniyeniyo, 500, imatuluka ku memori pa `MEM`, kumapeto kwa saikolo 5. Koma pa makwerero aja `add` ali pa `EX` pa saikolo 5 yomweyo, ndipo akuifuna kumayambiriro kwake. Muvi wochoka kumapeto kwa saikolo 5 kupita kumayambiriro kwa saikolo 5 ukuloza kumanzere, kubwerera m'mbuyo. Waya ukhoza kufupikitsa mtunda, koma sungabweretse chinthu chomwe sichinafike. M'thireyi ya `EX/MEM` panthawiyo muli adiresi chabe, ndipo kuipatsira kwa `add` kukanakhala kuwonkhetsa mtengo wa katundu ndi nambala ya nyumba.

Pamenepa palibe kuchitira mwina koma kuima saikolo imodzi. Mlonda wake amakhala pa `ID`, ndipo amayang'ana zinthu ziwiri: kodi langizo lomwe lili patsogolo panga ndi lotenga ku memori, ndipo kodi rejisita yomwe likudzaza ndi imodzi mwa zomwe langizo lili m'manja mwangali likuwerenga? Zonse zikakhala eya, amachita zitatu nthawi imodzi. Amaletsa chowerengera mizere, `PC`, kuti chisasunthe. Amatseka thireyi ya `IF/ID` kuti `add` akhale pomwepo. Ndiye m'thireyi ya `ID/EX` amaikamo fayilo yopanda kanthu, yomwe silemba ku rejisita kapena ku memori. Amisiri amaitcha thovu. Thovulo limayenda pa madesiki otsalawo ngati langizo lenileni, pamene `lw` akupitiriza ulendo wake osaimitsidwa.

```
         1   2   3   4   5   6   7   8   9   10  11
lw  $t0  IF  ID  EX  MEM WB
lw  $t1      IF  ID  EX  MEM WB
add $t2          IF  ID  ID  EX  MEM WB
sub $t3              IF  IF  ID  EX  MEM WB
sw  $t3                      IF  ID  EX  MEM WB
addi                             IF  ID  EX  MEM WB
```

Tsopano `add` ali pa `EX` pa saikolo 6, ndipo 500 ili m'thireyi ya `MEM/WB`, pomwe waya wachidule ukuifikira. Kuima ndi kupatsira zagwira ntchito limodzi, chifukwa kuima kokha kukanafuna masaikolo awiri.

Pali kanthu kena kobisika m'makwerero atsopanowa, komwe ngakhale ophunzira akhama amakaphonya. Poyamba zinaoneka kuti `$t0` idzadutsa pa waya wa `MEM/WB`. Koma poti `add` wabwereza `ID` pa saikolo 5, ndipo `lw` woyamba akulemba 700 m'theka loyamba la saikolo 5 yomweyo, nambalayo yawerengedwa mu rejisita mwachizolowezi. Thovu latalikitsa mtunda kuchoka pa 2 kufika pa 3. N'chifukwa chake sibwino kulemba mndandanda wa njira zachidule poyang'ana mizere ya pulogalamu yokha. Makwerero amajambulidwa kuyambira pamwamba kutsika, thovu lililonse n'kuikidwa pamalo pake, kenako m'pamene mitunda imawerengedwa.

Zonse pamodzi ndi masaikolo 11, kuchoka pa 16. Yatsala imodzi yotayika, ndipo apa m'pamene mzere 6 uja ukugwira ntchito. Poti `addi` sadalira aliyense ndipo palibe akumudalira, akhoza kusamutsidwa n'kuikidwa pamene panali thovu.

```
lw    $t0, 0($s0)
lw    $t1, 4($s0)
addi  $s2, $s2, 1
add   $t2, $t0, $t1
sub   $t3, $t2, $s1
sw    $t3, 8($s0)
```

`add` akufikabe pa `EX` pa saikolo 6 monga poyamba, koma saikolo yomwe ikanapita ndi thovu yagwira ntchito ya `addi`. Masaikolo abwerera pa 10, yankho likadali 1000, ndipo palibe waya watsopano womwe wawonjezeredwa. Ntchito yosamutsa mizere chonchi ndi imene kompaila, pulogalamu yomasulira zolemba za anthu kukhala malangizo a makina, imachita mwakachetechete. Chofunika ndi kusamala posankha wosamutsidwa. Mzere wa `sub` sungakwere pamwamba pa `add`, chifukwa ukudikira yankho lake. Ndipo `addi` akanakhala kuti akusintha `$s0`, kumukweza kukanachititsa `sw` kukasiya 1000 pakhomo lolakwika.

Si `lw` aliyense wotsatiridwa ndi womugwiritsa ntchito amene amabala thovu, ndipo apanso mafunso awiri aja ndiwo amaweruza. Pokopera nambala kuchoka pamalo ena a memori kupita pena, `lw $t0` amatsatiridwa ndi `sw $t0`. Koma `sw` sakuifuna nambalayo pa `EX`, akuifuna pa `MEM`, saikolo imodzi mochedwerapo. Purosesa yomwe ili ndi waya wachitatu, wochoka ku `MEM/WB` kulowa pa `MEM`, imadutsa popanda kuima, ndipo yopanda wayayo imaima. Choncho funso la pamayeso lomwe silinanene kuti ndi mawaya ati omwe alipo lili ndi mayankho awiri, ndipo wophunzira ali ndi ufulu wofunsa. Zimasiyana nambala yotengedwayo ikakhala adiresi ya langizo lotsatira, monga `lw $t0, 0($s0)` kenako `lw $t1, 0($t0)`. Adiresi imawerengetsedwa pa `EX`, ndiye thovu silipeweka.

Nanga PlayStation ija? Gwero lake ndi ku yunivesite ya Stanford ku America, komwe John Hennessy anayambitsa ntchito ya MIPS mu 1981, nthawi yomwe David Patterson ankachita zofanana ku Berkeley. Dzina la MIPS lenilenilo linali chidule cha mawu onena kuti purosesayi ilibe alonda oimitsa paipilaini. Maganizo ake anali oti mlonda amadya malo pa chipu ndipo amavutitsa kapangidwe, pamene kompaila ikhoza kuona misampha pasadakhale n'kusanja mizere bwino. Mapurosesa oyamba omwe anagulitsidwa, R2000 ndi R3000, anali ndi njira zachidule, koma analibe mlonda wa `lw`. Pulogalamu yathu yoyamba ikanathamanga pamenepo monga momwe ilili, `add` akanalandira 700 yolondola ndi 40 yakale, n'kutulutsa 740, ndipo ku memori kukanalembedwa 540 m'malo mwa 1000. Popewa zimenezi, pulogalamu yomasulira asembuli inkalowetsa langizo lothandiza pambuyo pa `lw`, ndipo likasowa inkaikapo `nop`, langizo losachita kanthu.

Nzeruyi inali ndi chilema chomwe chinaoneka mapurosesa atayamba kusintha. `nop` ndi thovu lomwelo, kungoti lalembedwa m'pulogalamu ndipo likudya malo ku memori. Choipa kwambiri n'chakuti pulogalamu inamangiriridwa ku kutalika kwa paipilaini ya purosesa imodzi. R4000 ya mu 1991 inali ndi madesiki 8, ndipo nambala yochokera ku memori inkachedwa masaikolo awiri, moti mpata wa mzere umodzi sukanakwanira. Pofika nthawiyo MIPS inali itabwezeretsa mlonda, dzina lokha n'kutsala. Hennessy ndi Patterson analandira mphoto ya Turing ya 2017 chifukwa cha ntchito yawo pa mapurosesa a mtundu umenewu, ndipo RISC-V, yomwe inayambira ku Berkeley mu 2010, siisiyira wolemba pulogalamu udindo wotere. Purosesa ndiyo iyenera kupereka yankho lolondola, kusanja mizere kumangothandiza liwiro.

Makwerero a papepalawa ali ndi malire ake. Amatenga kuti memori imayankha pa saikolo imodzi, zomwe zimachitika pokhapokha nambala ikapezeka mu kashi, kamemori kakang'ono kofulumira ka pafupi ndi purosesa. Ikasowa mmenemo, kudikira kumafika masaikolo makumimakumi ngakhale mazana, ndipo thovu limodzi lija limaoneka laling'ono. Mapurosesa akuluakulu a m'malaputopu amatenga masaikolo 4 kapena 5 ngakhale nambala ili mu kashi yapafupi kwambiri, koma amabisa zimenezi podumpha langizo lodikira n'kuyamba lina lomwe lakonzeka, nzeru yomwe Robert Tomasulo wa ku IBM anafalitsa mu 1967. Ena sadumpha. Cortex-A53 ya kampani ya ARM, yomwe ili m'mafoni ambiri otsika mtengo, imatsata mizere mwandondomeko, ndipo kwa iyo kusanja kwa kompaila kukadali ndi phindu looneka.

Wofuna kuona thovu ndi maso ake akhoza kutsitsa pulogalamu yaulere yotchedwa Ripes, yomwe imajambula paipilaini ya RISC-V ya madesiki 5 ndipo imalola kusankha purosesa yokhala ndi njira zachidule kapena yopanda. Mayina a marejisita kumeneko alibe chizindikiro cha `$`, ndipo mzere woyamba umalembedwa `lw t0, 0(s0)`. Musanaikemo mizere 6 ija, jambulani kaye makwerero papepala ndi kulemba saikolo yomwe `add` afike pa `EX`. Kenako gundani wotchi kamodzikamodzi, muone ngati `add` wachedwadi ndi saikolo imodzi monga pepala lanu lanenera.